Mpanda wanga wang'aluka koma simenti sindinaumire, ndalakwa pati?

Nachisale25
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndamangitsa mpanda wa njerwa zootcha kumbuyo kwa nyumba yanga kuno ku Lilongwe, mamita 24 kutalika kwake. Poti ndinamvapo zoti amisiri ena amasunga simenti n'kumamangira mchenga wokhawokha, ndinakhala pomwepo tsiku lililonse. Ndinalamula kuti thumba limodzi lizilowa wilibala imodzi ndi theka ya mchenga basi. Bambo womangayo anati ndikuchulutsa, ine ndinati simenti ndi yanga. Lero patha masabata atatu, mizere ya pakati pa njerwa yayamba kung'aluka, pena pali mpata woti n'kulowetsa lezala, ndipo malo awiri mng'alu watsika mowongoka n'kudula njerwa zenizenizo pakati. Kodi anandigulitsa simenti yakale? Komanso Lolemba akufuna ayambe pulasitala, ndiwauze muyezo womwewo?

Chimwene77
Mayi, simenti sing'alula khoma. Akuberani basi. Mukapita kukamwa madzi thumba linkadumpha mpanda.

Nachisale25
Ayi achimwene, matumba opanda kanthu ndinkawerenga ndekha madzulo aliwonse n'kuwatsekera m'nyumba. Alipo 41. Ndipo matope ake ndi olimba, msomali sukukanda n'komwe.

MmisiriWakale
Mayi Nachisale, mawu anu omalizawo ndiye ayankha funso. Simenti yakale imapereka matope ofumbutuka, ukakanda ndi chala amayoyoka. Anuwo msomali ukulephera, ndiye simentiyo inali yabwino, vuto n'lakuti inachuluka.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Thumba la makilogalamu 50 mukalikhuthula limadzaza malita pafupifupi 33. Wilibala ya amisiri yodzaza molingana ndi milomo yake, osati yaphiri, ndi malita pafupifupi 65. Ndiye matumba awiri ndi wilibala imodzi. Inu mumathira wilibala imodzi ndi theka, malita ngati 100, pa thumba limodzi. Umenewo ndi muyezo wa 1:3, simenti gawo limodzi mchenga magawo atatu. Muyezo umenewu timasungira zinthu ngati kukulungiza m'kati mwa thanki ya madzi. Womangira njerwa wamba pamwamba pa nthaka ndi 1:6, thumba limodzi mawilibala atatu. Mwathira simenti yokwanira mipanda iwiri.

Chimene chimang'alula n'chakuti simenti yosakaniza ndi madzi ikamauma imakwinyika, pamene mchenga sukwinyika. Mchenga ndi umene umagwira matope kuti asabwerere m'kati. Mukachepetsa mchenga, chokwinyika chija chimachuluka, chogwira chimachepa. Ndiye mzere uliwonse umadzikoka, n'kusiyana ndi njerwa. Ndi mpata wa lezala mukuuonawo.

Chimwene77
Koma madala, chinthu cholimba chingaipe bwanji? Konkire wa mlatho amathira simenti yambiri, bwanji sang'aluka?

MmisiriWakale
Amang'aluka, n'chifukwa chake amaikamo zitsulo ndiponso amasiya mipata. Mukadzadutsa pa mlatho wautali mudzamve matayala akugunda pa mipatayo. Komanso m'konkire muli miyala yambiri, imene sikwinyika.

Pa khoma nkhani ndi ina. Khoma limasuntha pang'onopang'ono moyo wake wonse: masana dzuwa likawomba limafutukuka, usiku limabwerera, dzinja likafika nthaka imafufuma. Kusunthako kumafuna pothawira. Matope akakhala ofewa kuposa njerwa, timing'alu tosaoneka n'komwe timagawanika m'mizere yambirimbiri, khoma lili chiimire. Mzere wina ukaonongeka umangokolopola n'kuikamo matope ena. Koma matope akalimba kuposa njerwa, khoma lonse limasanduka chinthu chimodzi chouma gwa, mphamvu yonse imasonkhana malo amodzi n'kuthyola chofooka. Ndipo chofooka ndi njerwa. Njerwa zathu zoumba ndi chikombole, makamaka za m'mphepete mwa uvuni zimene moto sunazifike bwino, n'zofewa kwambiri. Ming'alu iwiri yodula njerwa ija ndi imeneyo.

Kamdothi
Ine ndimati kale anthu azingomangira dothi. Nyumba ya agogo anga ku Dedza anamangira dothi lofiira pakati pa njerwa zootcha, ine ndinabadwa ndinaipeza, ilipo mpaka lero, mng'alu ulibe. Simenti ndi chinyengo cha asitolo.

WakuJoni
Hahaha akulu inu, funso ndi la simenti, inu mwabwera ndi agogo.

ForomaniWaZomba
Musawaseke, ali ndi mfundo theka. Nyumba ya agogowo yakhalitsa chifukwa dothi ndi lofewa, limalola njerwa kusuntha, zomwe akunena a MmisiriWakale zija. Koma ili ndi denga ndi khonde loiteteza. Mpanda ulibe denga. Mangirani dothi mpanda, mvula ya Januwale ikalowa pamwamba mudzaupeza utagonera chimanga cha aneba. Tinaona mipanda ingati itagwa nthawi ya namondwe Freddy mu 2023?

Kamdothi
Freddy anagwetsa ndi ya simenti yomwe.

ForomaniWaZomba
Zoona, sindikana.

WakuJoni
Kuno ku Joni matopewa timati daka, ndipo muyezo wake ndi womwewo, matumba awiri mawilibala 6. Chimene ndinadabwa nditafika n'chakuti wilibala amaidula ndi thabwa pamwamba kuti ilingane. Kwathu mnyamata akatopa amathira theka, akakhuta nsima amathira phiri, ndiye khoma limodzi limakhala ndi miyezo khumi. Mayi, funso langa: njerwazo ankazinyowetsa asanamange? Ndipo mwamanga mwezi uti?

Nachisale25
Tinayamba kumayambiriro kwa Okutobala. Kunyowetsa ayi, madzi tinkagula pa mgolo ndiye ndinkaumira. Khoma litatha tinathirako tsiku limodzi lokha.

WakuJoni
Eee, simenti simunaumire koma madzi munaumira! Mwaphika ndiwo ya nyama yambiri popanda moto.

MmisiriWakale
Apo ndiye pakumana zinthu zitatu: simenti yambiri, njerwa zouma ndi dzuwa la Okutobala. Njerwa yootcha youma imamwa madzi ngati chinkhupule. Mukaikapo matope, pasanathe mphindi zochepa yayamwa madzi a pomwe yakhudzana ndi matopewo. Simenti silimba chifukwa chouma ayi, imalimba chifukwa chokhala ndi madzi. Ndiye pamalo pomwe pamafunika kugwirana bwino mpamene pamakhala pofooka, kenako matope akayamba kudzikoka amang'ambikira pomwepo.

Njerwa zootcha muzizithira madzi pamulu pake madzulo kapena m'mawa kwambiri, pomanga zikhale zachinyezi koma osati zodontha. Zodontha zimaterera, khoma limasefukira. Khoma likatha muzilithira madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7. Ngati madzi ndi ogula, phimbani ndi masaka onyowa kapena pepala lapulasitiki, mudzasunga migolo ingapo.

MaiATadala
Pepani ndilowererepo ndi langa. Ine ndi pulasitala. Chipinda chochezera anakulungiza bwino kwambiri, kusalala ngati galasi, mpaka ndinamupatsa mmisiriyo ya fanta. Patatha mwezi khoma lonse ladzaza timing'alu ting'onoting'ono tolumikizana ngati ukonde wa usodzi, kapena ngati dambo likauma. Tapaka penti kawiri, tikuonekabe. Ndi vuto lomweli?

ForomaniWaZomba
Ndi pachibale. Ndifunse: pomaliza ankawaza simenti youma pakhoma n'kumasalaza ndi chitsulo?

MaiATadala
Eya! Ankatapa m'thumba ndi dzanja n'kumawaza. Anati ndi kuti kuwale.

ForomaniWaZomba
Ndi chimenecho. Akawaza simenti yokhayokha, kapena akapitiriza kusisita ndi chitsulo pulasitala adakali wamadzi, pamwamba pamabwera kachikopa kopyapyala ka simenti kopanda mchenga. Kachikopa kameneko kamakwinyika kwambiri kuposa za pansi pake, ndiye kamang'ambika ngati ukonde. Nkhani yabwino ndi yakuti timing'alu timeneti sitilowa m'kati. Tengani ndalama yachitsulo kapena chigwiriro cha sikuludiraiva, muzigogoda khoma. Pomwe pakulira kuti ngwe ngwe ndi pabwino, mungomata ndi ufa woyera uja amamatira ming'alu asanapente. Pomwe pakulira ngati ng'oma, pulasitala wasiyana ndi njerwa, pamenepo agwetse ayambirenso.

Kwa mayi Nachisale, pulasitala wa kunja ine ndimathira 1:4, thumba limodzi mawilibala awiri. M'kati 1:6. Kunja kumafuna simenti yochulukirapo chifukwa mvula imamenya pomwepo.

MmisiriWakale
A Foromani, pa 1:4 ndikutsutsani pang'ono. Pa mabuloko a simenti olimba kapena pa bimu ya konkire, ndivomera. Koma pa njerwa zofewa ngati za mayiwa, pulasitala wolimba amadzikoka n'kunyamula khungu la njerwa. Ndinagwetsapo pulasitala wotere, kumbuyo kwa chibanthu chilichonse kunali kofiira, kutanthauza kuti chinachoka ndi njerwa yomwe. Lamulo limene ndinaphunzira n'lakuti chopakidwa chisalimbe kuposa chimene chapakidwapo. Ine pamenepo ndingathire 1:5, mawilibala awiri ndi theka.

ForomaniWaZomba
Bambo, 1:5 ya pa pepala ndi 1:5 ya pa saiti n'zosiyana. Mukanena awiri ndi theka anyamata amathira atatu aphiri, mwafika 1:7. Ndikanena awiri ndimadziwa kuti zithera cha m'ma 1:5 momwemo. Zaka zonsezi pulasitala wanga sanagwepo.

MmisiriWakale
Ndiye mukukonza anyamata, osati muyezo. Mayiwa amakhala pomwepo n'kumawerenga, akauzidwa awiri athira awiri enieni.

Chimwene77
Tsono ngati miyezo ikufanana chonchi, 1:5, 1:6, kusiyana kwa matope omangira ndi a pulasitala kuli pati? Bwanji osangokanya mulu umodzi, wina azimanga wina azipaka?

MmisiriWakale
Funso labwino. Kusiyana kwakukulu sikuli pa simenti, kuli pa mchenga ndi pa ntchito imene matopewo akukagwira.

Matope omangira amakhala opanikizika pakati pa njerwa ziwiri, mzere wa mamilimita 10, ngati kunenepa kwa chala chaching'ono. Mphepo imangowakhudza m'mphepete. Ntchito yawo ndi kukhazika njerwa kuti katundu atsike mofanana. Amalola mchenga wokhakhala pang'ono, ndipo kadothi kochepa kwambiri mumchengamo kamawathandiza kufewa pa mpeni womangira.

Pulasitala ndi chinsalu chopyapyala, mamilimita 12 mpaka 15, nkhope yake yonse ili padzuwa ndi pamphepo, kumbuyo njerwa ikumuyamwa. Amataya madzi mbali ziwiri, ndipo palibe chomupanikiza, akungodzigwira yekha pakhoma. Choncho cholakwika chilichonse chimaonekera msanga. Mchenga wake uyenera kusefedwa kuti timiyala tichoke, ukhale woyera wopanda dothi, koma usakhale wosalala ngati ufa. Mchenga wosalala kwambiri umafuna madzi ambiri kuti ukanyike, ndipo madzi ambiri akatuluka amasiya kukwinyika kwambiri. Khoma likakhala lokhota moti pena pakufunika kupitirira mamilimita 20, osaunjika kamodzi. Pakani koyamba, kandani mizere, mudikire masiku angapo mukuthira madzi, kenako kachiwiri, ndipo kachiwiriko kasalimbe kuposa koyamba.

NyaMzimba
Za mchengazi zandikhudza. Kwathu kuno timagula wa kudambo chifukwa wa kumtsinje ngolo yake ndi yodula. Mmisiri wanga amaukonda, akuti umamata bwino. Ndiye ndi woipa?

WakuJoni
Umamata chifukwa muli dothi. Yesani ndi botolo loonekera m'kati. Thirani mchenga kufika theka, onjezani madzi ndi kamchere pang'ono, khutchumulani kwambiri, muliike pansi maola atatu kapena usiku wonse. Mchenga ukhala pansi, dothi lipanga mzere wake pamwamba. Mchenga ukakhala masentimita 10, dothilo lisafike sentimita imodzi. Likapitirira, pa pulasitala musayerekeze. Kapena ingofinyani wonyowa m'manja: ukasiya chikhatho chofiira n'kukhala chibulunga ngati nsima, dothi lachuluka.

NyaMzimba
Ndiyesa mawa. Ndikapeza lachuluka, kuonjezera simenti sikungathandize?

MmisiriWakale
Ayi mayi, ndiye mwaphatikiza zokwinyika ziwiri, dothi ndi simenti. Ambiri amalakwa pamenepa. Sakanizani wa kudambowo ndi wa kumtsinje theka ndi theka, muyesenso m'botolo. Womangira ungapirire, wa pulasitala gulani wabwino.

Kamdothi
Ngolo ya mchenga masiku ano mtengo wake ngati mukugula shuga. Ndipo akuukumba mpaka pansi pa milatho.

Chimwene77
Osanena. Kwathu mtsinje wasanduka chigwembe, ana sakuwolokanso popita kusukulu mvula ikagwa.

MaiATadala
Nanga njerwa zootchazi si paja analetsa?

ForomaniWaZomba
Malamulo a 2018 analetsa pa ntchito za boma ndi zikuluzikulu, chifukwa cha mitengo. N'chifukwa chake mabuloko achuluka. Ndipo poti mwaitchula, chenjezo: zonyowetsa zija ndi za njerwa zootcha zokha. Buloko ya simenti osainyika m'madzi. Iyo ikanyowa imafufuma pang'ono, ikamauma m'khoma imabwerera, khoma n'kung'aluka. Chimodzimodzi mabuloko aawisi, oumbidwa dzana n'kumangidwa lero. Adikire masabata anayi. Ndaona nyumba zambiri zatsopano zili ndi mng'alu pansi pa windo lililonse chifukwa cha changu chimenechi, eni ake n'kumanena kuti awalodza.

Nachisale25
Abale, tibwerere kwa ine, Lolemba likuyandikira. Mpandawu ndigwetse? Ndalama ndilibenso.

MmisiriWakale
Musagwetse, koma Lolemba asapake. Mukapaka pano, ming'alu ija idzatulukira pa pulasitala pomwepo. Simenti imakwinyika kwambiri masabata oyambirira, kenako imapita ikuchepa. Lisiyeni khomalo mwezi wina umodzi.

Pakadali pano chitani izi. Pa ming'alu iwiri ikuluikulu ija, lembani ndi pensulo pomwe mng'alu wathera ndi tsiku lake, ndipo matani kachibanthu kopyapyala ka simenti modutsa mng'aluwo. Sabata iliyonse muzikaona. Kachibanthu kakakhala kosasweka, khoma laima, ndi kukwinyika chabe. Kakasweka, ndipo mng'alu ukukula kumwamba kuposa kumunsi, kapena ukuyenda ngati masitepe mpaka kulowa m'maziko, pamenepo ndi nthaka, muitane wodziwa adzaone ndi maso. Za pa foni sizingathandize.

Likakhala laima, mizere yong'aluka aikolopole kulowa mamilimita 15 kapena 20, atsuke fumbi, anyowetse, adzazemo matope a 1:6. Ndikuchenjezeni, matope a 1:3 kukolopola kwake ndi ntchito, agwiritse chopukusira chamagetsi mosamala, tchizulo ndi hamala zidzabenthula njerwa. Njerwa zoduka pakati azichotse aikemo zina.

ForomaniWaZomba
Ine ming'alu iwiri yowongokayo sindikuikhulupirira kuti ndi simenti yokha. Mayi, mamita 24 onsewo anamanga khoma limodzi losadukiza? Ndipo ming'aluyo ili pati?

Nachisale25
Limodzi, kuchoka pa ngodya kufika pa ngodya, zipilala zili m'katikati. Ndapita kukayeza ndi mapazi. Woyamba uli ngati mamita 8 kuchokera kumanzere, wachiwiri ngati mamita 9 kuchokera pa woyambawo. Waya uja amaika m'mizere sanaikemo, ndinati n'kuononga ndalama poti simenti ndi yambiri kale.

ForomaniWaZomba
Mwaona? Khoma ladzigawa lokha patatu, pafupifupi mofanana. Likukuuzani pomwe pankafunika mipata. Khoma lalitali timalidula mamita 6 kapena kuposerapo pang'ono, kusiya mpata wa chala kuyambira pansi mpaka pamwamba, makamaka pambali pa chipilala. Ine sindingatseke ming'alu imeneyo ndi matope. Ndingaidule bwinobwino mowongoka ikhale mipata yeniyeni, n'kulimbitsa mbali zonse ziwiri ndi chipilala kuti mphepo isagwetse. Mukaitseka idzatsegukanso pomwepo kapena pafupi.

MmisiriWakale
Pamenepo ndagonja, kutalikirana kwake kukugwirizana ndi zanu. Komabe ndi matope ofewa ndi waya m'mizere itatu kapena inayi iliyonse, mwina bwenzi njerwa zisanaduke.

ForomaniWaZomba
Mwina. Sitidzadziwa.

Chimwene77
Ndiye matumba 41 aja, akanathira bwino akanalowa angati?

WakuJoni
Kuno timawerengera matumba atatu pa njerwa 1,000, koma ndi njerwa za makina zofanana, mizere ya mamilimita 10. Za kwathu zokhotakhota mizere imanenepa, zimadya kuposa apo. Chachidule, mayiwa anathira mchenga theka la woyenera, ndiye matumba 20 ndi kangapo akanakwana. Otsalawo akanapaka pulasitala, poti thumba limodzi pa mawilibala atatu limapaka malo pafupifupi masikweya mita 10. Mpanda wa mamita 24, msinkhu mamita awiri, mbali zonse ziwiri ndi masikweya mita 96. Matumba 10 mpaka 12. Akanatsalanso ena a sitepe.

Nachisale25
Musandiwerengere choncho, mutu wayamba kuwawa.

NyaMzimba
Nanga laimu? Bambo anga ankathira laimu m'matope, ankati amafewa ngati batala.

MmisiriWakale
Bambo anu ankadziwa. Laimu womangira amasunga madzi m'matope kuti njerwa isawayamwe msanga, ndipo matope ake sauma gwa. Muyezo wodziwika ndi 1:1:6, simenti, laimu, mchenga. Vuto ndi kumupeza weniweni. Wothira m'munda uja ndi mwala wogaya chabe, sagwira ntchito imeneyi. Ena amathira sopo waufa kuti matope afewe, chimenecho ndimakana, chimadzaza thovu losayezeka n'kufooketsa matope. Komanso yang'anani nambala ya mphamvu ya simenti pa thumba lake. Ya 32.5 imakwana bwino pa kumanga ndi pulasitala. Ya 42.5 pa muyezo womwewo imalimba kwambiri ndiponso msanga, isungireni konkire.

WakuJoni
Za sopozo ine ndimathira kachivindikiro kamodzi ndipo sindinaonepo vuto.

MmisiriWakale
Mudzabwerenso patatha zaka khumi mudzatiuze.

Nachisale25
Ndangolankhula ndi bambo womanga uja pa foni. Ndamuuza za kudikira mwezi ndi za mipata. Sananene kuti "ndinakuuzani," wangoti, "Mayi, ulendo uno wilibala muziwerenga inu, koma nambala ndizinena ine." Pensulo ndalemba kale, tsiku ndi lero. Funso lomaliza: kachibanthu ka simenti kaja kakhale konenepa bwanji?

MmisiriWakale
Ngati bisiketi, kutalika ngati chala. Nyowetsani njerwa musanamate kuti kagwire mbali zonse ziwiri, apo ayi kadzangogwa kokha n'kukuopsezani pachabe.

Kamdothi
Agogo anga sankalemba pensulo.